Kamvekedwe ka kalata ndi chikwangwani mu Chichewa

Chidziwitso cha Chingerezi chojambulidwa pa foni n'kutumizidwa pa WhatsApp chimaonetsa ulemu wake ngakhale munthu asanawerenge: chidindo, tsiku, siginecha. Womasulira akangolemba mawu okha, zonsezi zimatayika, ndipo ulemu uyenera kunyamulidwa ndi galamala.

Vuto limayamba ndi mawu a Chingerezi oloza amene akuuzidwa, omwe ndi amodzi kwa mwana, kwa mfumu ndi kwa gulu. Chichewa chimakakamiza kusankha pakati pa "iwe" ndi "inu". Kalata ya sukulu yoitanira makolo ku msonkhano imafuna "inu", komanso mneni wosonyeza kuchitidwa: "Mukupemphedwa kuti mudzafike pa msonkhano Lachisanu nthawi ya 9 koloko m'mawa." Kulemba kuti "Bwerani Lachisanu" sikulakwa, koma kumamveka ngati mphunzitsi wamkulu akulamula ana. "Udzabwere" angakhale mwano weniweni kwa kholo.

Kakalata kolemba pamanja kosiyira mnzako pakhomo n'kosiyana. "Ndinabwera koma sindinakupeze, undiimbire" ndi mawu okwana. Kuwonjezerapo "Wokondedwa" ndi "Ine wanu wokhulupirika" kungachititse wolandira kudabwa ngati pali mlandu.

Zikwangwani zoletsa zili ndi njira yawoyawo. "Osataya zinyalala pano" saloza munthu aliyense, choncho sanyoza ngakhale ndi achidule. "Musataye" amalankhula ndi wowerenga mwachindunji, ndipo "chonde" amafewetsa. Koma ngati chikwangwani choyambirira chikuchenjeza za chindapusa, "chonde" sayenera kulowamo, chifukwa wowerenga angaganize kuti ndi pempho lotheka kulikana.