Muvi wa M'mphepete mwa Pepala

Ambiri a ife ophunzira timaganiza kuti ntchito ya aphunzitsi pochonga mayeso ndi yopepuka, pakuti mayankho ali nawo kale papepala lawo, ndipo chotsala ndi kungofananiza basi. Koma anzanga, mphunzitsi asanafunse kuti, "Kodi yankho ili ndi lokhoza?" amayamba wafunsa funso lina lovuta kuposa limenelo, ndilo lakuti, "Kodi yankho la mwanayu ndi liti?" Pakuti mapepala athu ena amaoneka ngati munda umene mwadutsa nguluwe. Apa pakhwatchidwa, apo palembedwanso, ndipo m'mphepete muli timizere tating'ono ndi mivi yoloza uku ndi uku.

Ine ndinazidziwa zimenezi chigawo chatha, pamene aphunzitsi athu a masamu anasankha ife atatu a Fomu 4 kuti tiziwathandiza kuchonga mayeso a pamwezi a ana a Fomu 2. Ife tinkachonga ndi pensulo, ndipo iwo ankabwerezamo ndi inki yofiira. Anatipatsa malamulo atatu. Loyamba: ngati mwana wakhwatcha ntchito yake nalemba ina m'malo mwake, muchonge yatsopanoyo, yokhwatchidwayo yafa. Lachiwiri: ngati wakhwatcha koma sanalembe china chilichonse, ndipo zokhwatchidwazo zikuwerengeka, muzichonge ngati sanakhwatche. Lachitatu: ngati wasiya njira ziwiri zosiyana zonse zili chiimire, muone imene yafikitsa ku yankho limene walemba pamalo a yankho, ngati sanalembepo kanthu, muchonge zonse ziwiri ndi kumupatsa malikisi ochepawo. Anatiuzanso kuti malamulo amenewa sanawapeke okha ayi, chifukwa bungwe la mayeso la Edexcel ku Mangalande limasindikiza otere m'malangizo a ochonga masamu.

Lamulo lachitatulo lingaoneke lankhanza, koma makolo ananena kale kuti mapanga awiri avumbwitsa. Mwana wolemba mayankho awiri akupempha wochonga kuti amusankhire, pamene kusankhako ndiye mayesowo.

Malamulo onsewa ndi omveka bwino pamene pepala lili laukhondo. Koma taonani pepala la mnyamata wina limene linatitsutsanitsa madzulo onse. Funso linali la malikisi 5, lakuti apeze x ndi y pamene 2x + 3y = 13 ndiponso x − y = −1.

Poyamba mnyamatayo anayenda njira yolowetsa. Analemba x = y − 1, nalowetsa zimenezo m'mzere woyamba, napeza 5y − 2 = 13, kenaka y = 3 ndi x = 2. Zonsezi ndi zokhoza kotheratu. Koma kaya chinamuopsa nchiyani, anajambula mzere umodzi waukulu wopingasa kuchokera pamwamba kufikira pansi, nakhwatcha ntchito yonseyo. M'munsi mwake anayambanso ndi njira ina, yochulukitsa mzere wachiwiri ndi 3 kuti y achoke pophatikiza. Mizere yake inali motere:

2x + 3y = 13
3x − 3y = −3
5x = 16
x = 3.2
y = 4.2

Mzere wa x = 3.2 unali wokhwatchidwa. Mzere wa 5x = 16 ndi wa y = 4.2 inali chiimire. Ndipo m'mphepete mwa pepala, kudzanja lamanja, munali mawu aang'ono opanikizana akuti 5x = 10, x = 2, ndi muvi wochokera pamenepo, umene mutu wake unagwera pakati pa mzere wachiwiri ndi wachitatu.

Mnzanga woyamba anati timupatse 5, pakuti x = 2 ali m'mphepete, y = 3 ali pamwamba, ndiye kuti mwanayo masamuwa akuwadziwa. Mnzanga wachiwiri anati ayi, 5x = 16 ndi 5x = 10 onse aima osakhwatchidwa, amenewo ndi mapanga awiri aja, choncho alandire malikisi ochepawo. Nkhaniyi sinali yamasewera. Pa mafunso ena onse mnyamatayo anali ndi malikisi 35, ndipo malire okhoza anali 40. Wolephera amalembedwa m'kalata yopita kwa makolo, nakhalanso m'kalasi Loweruka m'mawa pamene anzake ali ku mpira.

Ine ndinaganiza kuti tiyambe taiwala mayankho a aphunzitsi, tifufuze kaye mmene mnyamatayo anayendera, monga mlenje atsata mapazi a nyama kuti adziwe kumene yalowera. Pepala limanena lokha chimene chinayamba ndi chimene chinatsirizira, ngati munthu alipenya mofatsa.

Chizindikiro choyamba chinali kukula kwa malembo. Munthu akamalemba pamalo opanda kanthu, dzanja lake limatambasuka, ndipo salemba m'mphepete pamene mizere ikali yopanda kanthu. Wolemba tating'ono mopanikiza ndiye kuti anapeza malo atadzaza kale. Chotero 5x = 10 anabwera pambuyo pa 5x = 16, ndiponso pambuyo pa y = 4.2.

Chachiwiri chinali samu yeniyeniyo. Mukaphatikiza 13 ndi −3 mupeza 10, osati 16. Nanga 16 anachokera kuti? Anachokera ku 13 kuphatikiza 3. Ndiye kuti panthawi imene ankalemba 5x = 16, mzere wachiwiri unali 3x − 3y = 3, wopanda chizindikiro chochotsera. Titayang'anitsitsa tinaona kuti kachizindikiro ka patsogolo pa 3 kanali kakafupi zedi, kolowetsedwa mothina pakati pa = ndi nambalayo. Tsono nkhani yonse inaoneka poyera. Mnyamatayo anaiwala chizindikiro, nafika pa 3.2 ndi 4.2, nadabwa ndi manambala oterewo, nabwerera m'mbuyo, napeza pamene panalakwika, naikapo kachizindikiro, nalemba mzere watsopano m'mphepete.

Chachitatu chinali muvi. Mutu wake sunagwere pena paliponse ayi, unagwera pamalo penipeni pamene mzere wa 5x uyenera kukhala, ndiye kuti kunsi kwa mizere iwiri yophatikizidwayo. Muvi wotere ukunena kuti, "Mukafika pano, muwerenge ichi." Ndipo popeza iye anakhwatcha x = 3.2, amene ali mwana wa 5x = 16, sitinganene kuti anali kusungabe njira yakaleyo. Anadula chipatso naiwala nthambi. Amenewa si mayankho awiri oikidwa kuti wochonga asankhe. Ndi yankho limodzi lolowa m'malo mwa linzake, ngakhale mwini wake sanasese bwino. Pamenepa mnzanga wachiwiri uja anavomera.

Koma mnzanga woyambayo sindinathe kumutsata, ngakhale mtima wanga unali naye. Iye ankafuna kuti titenge y = 3 m'ntchito yokhwatchidwa ija. Koma ntchitoyo inakhwatchidwa yonse, ndipo ina inalembedwa m'malo mwake, kotero lamulo loyamba laigwira. Muvi nawonso sunanyamule y ayi, unanyamula 5x = 10 ndi x = 2 zokha. Yankho la y limene linatsala lamoyo papepala ndi 4.2. N'zoonadi kuti munthu wopeza x = 2 sangavutike kupeza y = 3, ndipo mwina belu ndilo linamudula. Koma wochonga akayamba kutola chokhoza apa ndi china apo, monga wotola bowa m'thengo, yankho limene atuluke nalo ndi lake, si la mwanayo.

Pali njira imodzi yodziyesera imene aphunzitsi anationetsa usiku umenewo. Anati, "Anyamata inu, tatembenuzani nkhaniyi. Tiyese kuti m'mizere munali x = 2 wokhwatchidwa, ndipo muvi wabweretsa x = 3.2. Kodi mukanautsata muviwo?" Tinati inde, tikanautsata, ndipo mwanayo akanataya malikisi. Iwo anati, "Chabwino. Ndiye kuti mukuutsata chifukwa ndi muvi, osati chifukwa wanyamula yankho limene mukulifuna. Nanga ntchito yokhwatchidwayo ikanakhala ndi y = 7, m'munsimu muli y = 3, mukanapita kukatenga 7?" Tonse tinakhala chete.

Malikisi anagawidwa motere. Imodzi ya njira yochotsera y, analandira. Imodzi ya 5x = 10, analandira. Imodzi ya x = 2, analandira. Imodzi ya kulowetsa x kuti apeze y, analandiranso, pakuti 4.2 ndi chimene munthu amapeza akalowetsa bwino 3.2 mu x − y = −1, ndipo njirayo ndi yoona ngakhale nambala inali yolakwika. Yotsiriza ya y = 3 sanalandire. Zonse pamodzi 4, ndipo mayeso onse 39.

Sindinganene kuti pepala lililonse limamasulika chotere. Tinakumana ndi mivi yopanda mutu, yosadziwika kuti ikuchokera kuti ndipo ikupita kuti. Tinaona mwana amene anaika nyenyezi ziwiri zofanana m'nkhani yake ndi mzere umodzi wokha woonjezera m'munsi. Wina anakhwatcha yankho, nakhwatchanso lachiwiri, nalemba timadontho kunsi kwa loyambalo. Chimenechi ndi chizolowezi cha anthu osindikiza mabuku, chotanthauza kuti mawu okhwatchidwawo akhale momwemo, ndipo aphunzitsi anachivomereza. Koma ife atatu sitinkachidziwa, ndipo ndikhulupirira kuti mawu olembedwa poyera akuti "chongani ili" akanamveka kwa wina aliyense. Mapepala otere tinkawaika padera osalembapo kanthu, kuti aphunzitsi agamule okha.

Pobweza mapepala, aphunzitsi anamuitana mnyamata uja namufunsa kuti, "Iwe, y wako ndi uti?" Iye anayankha msanga kuti, "Ndi 3, aphunzitsi." Iwo anati, "Ndionetse pamene walemba." Analoza pamwamba paja, chala chake chili pamzere waukulu umene anajambula yekha. Aphunzitsi anamuuza kuti akanalemba y = 3 pambali pa x = 2 m'mphepete muja, kapena akanangoyesa manambala ake m'mzere woyamba, akanaona kuti 2 kawiri kuphatikiza 4.2 katatu ndi 16.6, osati 13. Malikisi anakhala 39, koma m'kalata ya kwa makolo analembamo ndi dzanja lawo kuti mwanayo samuyo anaipeza kawiri konse, chimene chinamusowa ndi kunena yankho limene akuimapo.

Wophunzira wa Fomu 4