Mmene tinkawerengera liwiro pa makina opalasa

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndili pa sukulu ku Britain, anzanga adandikokera ku kalabu ya mpikisano wa mabwato. Nyengo yachisanu, mtsinje ukadzadza kapena kukada msanga, tinkapalasa m'nyumba pa makina a Concept2, aja amene amapangidwa ku Vermont m'dziko la America. Oyamba adatuluka mu 1981 ndipo ankazungulitsa gudumu la njinga. Amene ife tinkadalira anali a mu 1986, okhala ndi kawotchi kamagetsi kosonyeza nthawi ndi mtunda.

Kabuku ka zotsatira kankakhala ndi ine. Kanali ka chikuto chofiira, masamba ake ofufuma ndi madontho a thukuta, pensulo yomangidwa ndi chingwe pa msana pake. Munthu akatsika pa makina ali wefuwefu ankangotchula nthawi yake yonse, ine n'kulemba. Koma mphunzitsi wathu, bambo wachikulire wosakonda zolankhulalankhula, sankafunsa nthawi yonseyo. Ankafuna sipiliti, ndiye kuti nthawi imene munthu watenga pa mamita 500 alionse.

Masiku amenewo mayeso athu anali a mamita 2,500. Tinene kuti mnyamata wamaliza mu 9:20. Choyamba ndinkasandutsa mphindi zonse kukhala masekondi: 9 kuchulukitsa ndi 60 ndi 540, kuwonjezera 20 ija ndi 560. Kenako ndinkadzifunsa kuti mu 2,500 muli ma 500 angati. Alimo asanu. Kugawa 560 ndi 5 kumapereka 112, ndipo ukachotsapo 60 ya mphindi imodzi pamatsala 52. Sipiliti yake ndi 1:52. Mtunda ukakhala wosagawika bwino, njira ndi yomweyo: masekondi onse kuchulukitsa ndi 500, kenako kugawa ndi mamita amene wapalasa.

Pamene anthu ankagwera m'mbuna ndi pa kakyuleta. Cha m'ma 1990 mayeso atasintha kukhala a mamita 2,000, mtunda wa mipikisano ya Olimpiki, wina adapalasa 7:28, n'kudina 7.28 kugawa ndi 4. Idamupatsa 1.82, iye n'kulemba 1:82 osaphethira. Mphunzitsi adangoloza ndi chala n'kufunsa kuti, "Wotchi yako ili ndi masekondi 82 pa mphindi?" Kakyuleta imawerenga m'mahandiredi pamene wotchi imathera pa 60. Nthawi ya 7:28 ndi masekondi 448, ndipo kugawa ndi 4 kumabweretsa 112, yomwe ndi 1:52. Cholakwa chotere chikapitirira 59 chimadziulula chokha. Choopsa ndi chimene chimaoneka ngati choona: 6:08 ukaidina ngati 6.08 n'kugawa ndi 4 umapeza 1.52 pamene yoona ndi 1:32. Imeneyi ikhoza kukhala m'buku chaka chathunthu popanda woikayikira. N'chifukwa chake ndinkabwerera m'mbuyo nthawi zonse, kuchulukitsa sipiliti ndi chiwerengero cha ma 500 kuti ndione ngati nthawi yoyamba ija ibwerenso.

Mwaona kuti anyamata awiriwa onse adapeza 1:52. M'kalabu mudabuka mkangano pa nkhani yotereyi, achinyamata akuti afanana ndi akale. Ine ndidakana ndipo ndikukanabe. Wa 9:20 uja adagwira liwiro limenelo mamita 500 ena, miyendo itayamba kale kuwotcha. Sipiliti yotchulidwa popanda mtunda wake siuza munthu kanthu, choncho m'kabuku kanga ziwirizi zinkakhala pa mzere umodzi.

China chimene manambalawa amabisa ndi kulemera kwa sekondi imodzi. Pa makinawa sipiliti ya 2:00 imafuna mphamvu ya mawati pafupifupi 203, pamene 1:50 imafuna pafupifupi 263. Masekondi khumi okha, koma mphamvu yakwera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndinkamva chisoni kuona wophunzira akulonjeza kuti mwezi wamawa adula masekondi asanu pa sipiliti, osadziwa kuti pa mamita 2,000 walonjeza masekondi 20.

Makina a masiku ano amasonyeza okha nambalayi pambali pa `/500m`, ndipo amaperekanso avareji pamapeto. Komabe inu amene mukupalasa lero, musanakhale pa mpando werengani ndi pensulo sipiliti ya nthawi imene mukuifuna. Ngati mukufuna kutsika pansi pa 8:00 pa mamita 2,000, avareji yanu isafike 2:00.