OSANGOTI "SINDINAMVE", NENA POMWE WAMVA

Anzanga a kugombe, lero ndalemba yaitali pang'ono, koma werengani mpaka pansi. Nkhani yake ndi ya mawu amodzi amene amatidyera nthawi ndi eyataimu kuposa ena onse: "Sindinamve, mubwerezenso."

Ine ndakulira pa boti la bambo anga, ndipo mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, makamaka injini ikachokera kwa makaniko. Injini yamapulagi awiri ija, yothira petulo wosakaniza ndi oilo, ikakhala yatsopano kapena aiikira mapisitoni ndi maring'i atsopano, makaniko amapereka malangizo. Amati maola 10 oyamba musakanize 25:1, akatha maola amenewo mubwerere ku 50:1, musakoke moto wonse masiku oyambawo, ndipo muziyang'ana ngati kamadzi kozizilitsa injini kakutuluka kumbuyo. Zinthu zinayi. Ena injini zawo zili ndi muyezo wina, choncho tsatirani wa makaniko wanu ndi kabuku ka injiniyo, koma uwu ndi umene timaumva kwambiri kuno.

Ndiye tayerekezani makaniko ali ku Monkey Bay, boti lili ku Msaka, dzuwa likupendeka, alovi akudikira kuti anyamuke ndi chilimira. Mnyamata amene watumidwa kusakaniza mafuta aimba foni nati, "Abwana, zija munanena zija sindinamve." Makaniko atani? Sakudziwa ngati chavuta ndi maola, manambala, kapena kamadzi kaja. Ayambiranso zonse zinayi kuchokera poyamba, ndi mawu omwe aja amene anakanika kulowa ulendo woyamba. Zitatu mwa izo mnyamatayo anazimva kale, ndiye akungoti "eya, eya", maganizo apita kwina. Pofika pa chinthu chimodzi chimene chinamusokoneza, mayunitsi atha kapena netiweki yadula. Onse awiri ataya nthawi, funso likadali pomwe lija.

Tsopano mverani mnzake amene amafunsa motere: "Abwana, ndamva kuti maola 10 oyamba ndi 25:1, kutanthauza lita imodzi ya oilo pa malita 25 a petulo. Za moto ndi za kamadzi ndazimva. Pandisokoneza ndi apa: ife tagula petulo m'chigubu cha malita 20. Ndithire oilo wochuluka bwanji?" Makaniko ayankha kamodzi, "Mamililita 800. Maola 10 akatha, 400." Basi, foni yatha. Ngakhale atakhala kuti ali pansi pa injini ina manja ali ndi girizi, yankho lotere akhoza kulipereka osadzuka.

Masamu ake si ovuta. Malita 20 ndi mamililita 20,000. Ukagawa ndi 25 upeza 800, ukagawa ndi 50 upeza 400. Pa thanki ya malita 25, ndi lita imodzi poyamba, kenako theka la lita. Koma taonani kuti mnyamata wachiwiriyu sanapemphe sukulu ya masamu. Wasonyeza pomwe ukonde wang'ambika, wosoka nkupita pomwepo. Palibe amene amasoka chilimira yense chifukwa cha bowo limodzi.

Phindu lachiwiri ndi limene ine ndimaliona lalikulu. Ukanena zomwe wamva, umatulutsanso poyera zomwe wamva mokhota koma iwe ukuyesa kuti wamva bwino. Zimenezo sungazifunse, chifukwa sukudziwa nkomwe kuti pali vuto. Ndinamvapo mnyamata wina pagombe akuuza makaniko kuti, "Ndamva kuti maola 10 akatha tiwonjezere oilo kawiri, popeza 50 ndi 25 ziwiri. Chomwe sindinamve ndi tsiku loyambira." Funso lake linali la tsiku, koma makaniko anamugwira pa chiganizo choyamba. Nambala yaikulu ija ndi ya petulo. Ikamakula, oilo akuchepa. 50:1 ndi oilo wochepa ndi theka poyerekeza ndi 25:1.

Akanangofunsa za tsiku lokha, akanayankhidwa za tsiku lokha, nkukathira mamililita 1,600 m'chigubu chofunika 400. Zotsatira zake tonse timazidziwa: utsi wambiri kumbuyo, mapulagi akuda ndi onyowa, injini ikutsokomola nkuzima mukachepetsa moto, ndalama ya oilo yapita pachabe. Ndipo wina akakhotetsa nkhaniyi mbali inayo, nkuchepetsa oilo pa injini imene yangokonzedwa kumene, apo nkhani ndi yoopsa. Injini imatentha, mphamvu nkuchepa, pisitoni nkugwira. Zikachitika pakati pa nyanja usiku mwera nkuyamba, nkhani ya ndalama yatha, tikukamba za miyoyo ya anthu amene ali m'botimo.

Ngakhale funso lake la tsiku lija linali ndi msampha wake. Maola 10 ndi maola amene injini yalira, osati amene mwakhala panyanja. Nthawi imene mwazimitsa injini, siginala ali pa bwato ndi nyali kudikira usipa usonkhane, siwerengedwa. Mukhoza kuchezera usiku wonse injini italira maola atatu okha. Izinso zinatuluka chifukwa choti mnyamatayo analankhula zomwe zinali m'mutu mwake.

Ndikudziwa chimene chimatigwira pakamwa. Timaopa kuti tikabwereza molakwika atiseka, kapena akuluakulu aona ngati tikudzionetsa kuti tikudziwa. Bambo anga ndi munthu wosakonda kubwereza mawu, koma ndaona kuti ndikayamba ndi "Bambo, mundikonze ngati ndaphonya, ndamva kuti…" amamvetsera mpaka ndimalize. Chimene chimawatopetsa ndi munthu wogwedeza mutu pagombe nkukachita zina panyanja. Paja amati safunsa anadya phula, koma wofunsa mwachisawawa nayenso amangopatsidwa phula lomwelo kachiwiri.

Chenjezo limodzi: kunena zomwe wamva si kubwereza mawu a mwini wake ngati wailesi. Ukangoti "25:1 kenako 50:1", makaniko avomera kuti eya, pomwe m'mutu mwako manambala aja ali chadodolido. Ziike mu zinthu zimene ukagwire ndi manja. Tchula chigubu chako, botolo lako loyezera, ndi kuchuluka komwe ukufuna kuthira. Pamenepo mpomwe cholakwika chimaonekera.

Nanga ngati sunamvedi kalikonse? Zimachitika, makamaka injini ikulira kapena foni ikudukaduka. Nenabe pomwe unasiyira: "Ndamva mpaka pomwe munati maola 10, kuchokera apo phokoso." Kameneko kokha kamupulumutsa munthu kuyambiranso moni. Ndipo panyanja mafunde atakula si nthawi yofotokoza zambiri. Bwereza lamulo m'mawu awiri atatu, "Ndichepetse moto?", umve eya kapena ayi, uchite.

Inu otumiza mavoisi, izi zikukhudzaninso. Munthu wakujambulira mphindi zinayi, iwe nkuyankha kuti "sindinamve". Ajambulenso zinayi zina pa bandulo yake, iwe utsitsenso pa yako. Ukalemba mizere iwiri, woyamba zomwe wagwira, wachiwiri pomwe wasokera, yankho libwera mzere umodzi, mwina nambala imodzi yokha.

Nyengo ya mdima ino ambiri mutumidwa kukagula mafuta ndi kusakaniza. Musanatsegule botolo la oilo, muuzeni mwini boti kapena makaniko kuti chigubu chanu ndi cha malita angati ndipo mukufuna kuthira mamililita angati. Akavomera, thirani. Tumizani uthengawu kwa mnzanu amene wangoyamba kumene kugwira injini.