Mitambo ya Wogulitsa Mbewu

Ndimakonza mapositala, makalendala, mabanala a misonkhano ya mipingo ndi timapepala ta maukwati. Kashopu kanga kali ku Biwi, pafupi ndi magalaja a ku Biwi Triangle, ndipo tsiku lonse ndimagwira ntchito makaniko akugogoda zitsulo kuseri kwa khoma. Kale chithunzi ndinkachijambula ndi kamera kapena kuchidula penapake n'kuchimata. Kuyambira 2022, pamene Midjourney ndi Stable Diffusion zinatsegulidwa kwa aliyense, zithunzi zambiri ndimazipeza polemba mawu achingerezi pa kompyuta, makina n'kujambula. Pa mawu onse amene ndimalemba, osintha mtima wa chithunzi msanga ndi a nyengo. Munthu yemweyo, panjira yomweyo, angaoneke wosauka, wamantha kapena wachiyembekezo malinga ndi zimene mwaika kumwamba kwake.

Vuto lake n'lakuti makinawa anaphunzira nyengo pa zithunzi za pa intaneti, ndipo zochuluka mwa izo zinajambulidwa kumpoto kwa dziko lapansi. Mukalemba `winter` mukuganiza chisanu chathu cha mu Juni, cha majuzi ndi mbaula, amakupatsani chipale chofewa padenga. Mukalemba `Christmas`, chipale chomwecho, pamene ife pa Khirisimasi tili m'matope, chimanga chikufika m'mawondo. Mukalemba `rainy season` kawirikawiri pamabwera minda ya mpunga ndi maambulera a ku Asia. Dzina la nyengo limakoka kuwala, limakoka mtundu wa dothi ndi thambo, limakokanso dziko lina lathunthu ndi anthu ake, ndipo chachitatuchi ndicho chimaononga ntchito.

Bambo wina wogulitsa mbewu ndi feteleza anabwera mu Okutobala kufuna positala ya pa shopu yake. Anafuna mayi wosenza kathumba ka mbewu ya chimanga akupita kumunda. "Achimwene," anatero, "munthu akaiona amve kuti mvula yayandikira, asazengereze kugula." Ndinayamba pa Midjourney ndi mzere wopanda mawu alionse a nyengo:

```
Malawian woman in chitenje carrying a bag of maize seed, dirt path, bare ridged field, photo --ar 2:3 --seed 4417
```

Nambala ya kumapetoyo ndi imene imandithandiza kuyerekeza. Chithunzi chilichonse makina amachiyamba ndi timadontho tosokonekera, ndipo `seed` ndiyo imasankha timadonthoto. Ikakhala yosasintha, zithunzi zimatuluka zofananirako kakhalidwe, kotero mukasintha mawu amodzi mumaona chimene mawuwo achita. Sizifanana ndendende, nkhope imatha kusintha, koma ndi zokwanira. Mukasintha nambala ndi mawu nthawi imodzi, simungadziwe chabweretsa kusinthako n'chiyani. Pa mapulogalamu ena aulere a pa foni palibe polemba nambalayi, ndiye pamenepo mumangotulutsa zithunzi zingapo pa mawu alionse n'kuona chimene chikubwerezabwereza.

Popanda mawu a nyengo panatuluka thambo lobiriwira bwino, dzuwa la masana, timitambo toyera. Chithunzi chaukhondo ndithu, koma chosanena kanthu, chonga cha pa kalendala ya banki.

Anyamata ambiri amene aphunzira ntchitoyi pa mavidiyo amathamangira `harmattan haze` akafuna fumbi la mu Afirika, choncho ndinamuonetsa bamboyo chimene mawuwa amachita. Hamatani ndi mphepo youma yochokera m'chipululu cha Sahara, imene imaomba ku Nigeria, Ghana ndi maiko oyandikana nawo kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka cha mu Malichi. Fumbi lake ndi losalala, lotuwa, ndipo limayeretsa thambo lonse. Pa chithunzi chathu thambo linasanduka loyererako, mithunzi inazimiririka, mitengo yakutali inasowa, dothi linatuwa. Mayi uja anaoneka wotopa, khungu lake lambuu. Ndipo kumutu kwake kunabwera duku lalikulu la kamangidwe ka kumadzulo kwa Afirika, lomwe simungalione pa msika wa ku Mchesi. Chithunzi chotere chimalankhula za chilala. Bungwe lopempha thandizo la chakudya lingachikonde, koma wogulitsa mbewu chingamuthamangitsire makasitomala.

Chilimwe chathu n'china. Mu Seputembala ndi Okutobala chimene chimaphimba thambo la Lilongwe makamaka ndi utsi, wa matchire amene atenthedwa ndi wa mapesi m'minda, wosakanikirana ndi fumbi lofiira la m'misewu yathu ya dothi. Kutali kumaoneka kotuwa mobiriwirako, pansi pali lupsa lakuda, ndipo madzulo dzuwa limafiira mpaka mungaliyang'ane osaphethira. Palibe liwu limodzi lachingerezi limene makina amadziwira nyengo imeneyi. Ndimalemba zimene diso limaona: `smoke haze, red dust, burnt grass, low red sun`. Mtima wake ndi wa kudikira ndi ludzu, ndipo ndimaugwiritsa ntchito pa mabanala a mapemphero osala kudya. Chimodzimodzi chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje, chomwe dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique: mukalemba dzinalo makina amangolidumpha, koma mukalemba `low grey cloud, fine drizzle` kuzizira kwake kumafika.

Kenaka tinayesa chimene bamboyo anabwerera, `heavy rain clouds`. Apa ndi pamene ntchito yeniyeni inali.

Thambo linada bii kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mphezi inang'anima kumbuyo, chitenje chinauluka ndi mphepo, nkhope ya mayi inalowa mumdima. Bamboyo anayang'ana n'kunena kuti, "Ameneyu akuthawa, sakupita kumunda." Ananena zoona. Pa zithunzi zimene makina anaphunzirapo, mitambo yakuda imayenda ndi zoopsa: mkuntho, nkhondo, makanema a mantha. Kwa mlimi wa ku Mitundu amene wagalauza kale mizere yake, mtambo wakuda wa mu Novembala ndi nkhani yabwino. Makina sadziwa zimenezo. Ndiyenera kunenanso kuti ngakhale kwathu kuno mtambowu sulankhula chimodzi kwa onse. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, sindiika thambo lakuda lodzaza pa ntchito yopita kum'mwera popanda kufunsa mwini wake.

Panalinso cholakwika china chimene wa m'tauni angachiphonye. Liwu lakuti mvula linabiriwitsa munda wonse. Mizere yopanda kanthu inasowa, m'malo mwake munamera chimanga chofika m'chiuno, panjira pali zithaphwi. Tsono mayi wosenza mbewu akupita kukadzala pati, chimanga chili m'chiuno? Kumwamba kunali Novembala, pansi kuli Januwale. Mlimi aliyense akanaseka. Ndicho chifukwa chake ndikasintha thambo, maso anga amatsikira kaye pansi: dothi, udzu, msinkhu wa mbewu, zovala za munthu, ngati zikugwirizana ndi mwezi umene thambo likunena.

Kukonza kwake sikunali kuchotsa mitambo. Ndinaisunthira kutali, n'kubweza dzuwa. Ganizirani madzulo aja mvula yoyamba isanagwe, pamene kum'mawa kwada koma dzuwa likuwalabe kuchokera kumadzulo, dothi n'kufiira kwambiri, masamba a mango n'kunyezimira. Aliyense wokulira kuno amaidziwa nthawi imeneyo, ndipo mphuno imayamba kale kumva fungo la dothi lonyowa. Ndinalemba chonchi pa mzere uja, pambuyo pa liwu lakuti `photo`:

```
dark rain clouds far on the horizon, warm low sunlight on her face, dry red soil --ar 2:3 --seed 4417 --no lightning, puddles, umbrella
```

Mawu akuti `far on the horizon` anatsitsa mitambo, inasiya kupsinja munthu pamutu. Dzuwa la m'munsi linawalitsa nkhope, ndipo ichi n'chofunika kwambiri pa khungu lakuda, chifukwa pansi pa mitambo yokhayokha makina amafafaniza maso ndi masaya n'kusiya chithunzithunzi chabe. Dothi louma linathamangitsa chimanga chija, mizere inabwerera. Zosafunikazo ndinaziika pambuyo pa `--no`. Mukazilemba m'kati mwa chiganizo, monga `no lightning`, makina nthawi zambiri amangoona liwu la mphezi n'kuijambula.

Pomwe mawu akhala palinso ndi kanthu. M'kuona kwanga, amene ali koyambirira amalemera kuposa a kumapeto. Mitambo ikatsogola, chithunzi chimakhala cha thambo, munthu n'kuchepera pakona. Pa positala ya malonda munthu ndi katundu wake amayamba, nyengo imatsatira. Ndipo nyengo ikhale imodzi. Wina amalemba nkhungu, fumbi, mvula ndi dzuwa lolowa pamodzi poganiza kuti chithunzi chilemera, koma chimene chimatuluka ndi thambo lamatope losadziwika mwezi wake.

Bamboyo ataona chomalizachi anangoti, "Eya, iyi ndiye ya chizimalupsa." Sindinamuuze mwezi, anauwerenga yekha pa chithunzi.

Ntchito siithera pa kompyuta. Sikirini imawala yokha, pamene pepala limamwa inki. Mitambo yooneka yotuwa bwino pa sikirini imatuluka yakuda kapena yofiirira pa pepala, makamaka pa pepala wamba losanyezimira, choncho ndisanasindikize ndimaiwalitsa pang'ono ndipo ndimayamba ndatulutsa kakang'ono pa `A4` n'kukakaonera panja. Ubwino wa thambo lakuda ndi wakuti zilembo zoyera kapena zachikasu zimaonekera patali, ndiye dzina la shopu ndi mitengo ya mbewu ndinaziika pamitambo pomwepo. Zithunzi za fumbi ndi utsi zimavuta mosiyana: zilibe pakuda penipeni kapena poyera penipeni, zikasindikizidwa pa banala zimaoneka ngati zakhalitsa padzuwa chikhalirecho n'zatsopano. Zikafunika, ndimadetsa mtengo kapena munthu wa kutsogolo kuti diso lipeze pogwira.

Pali ntchito zina zimene sindilola makina kuzisankhira nyengo. Pa pulogalamu ya maliro, achinyamata amakonda kuika mitambo yakuda kumbuyo kwa malemu. Anamfedwa ambiri amene ndawatumikira safuna zimenezo. Amafuna thambo loyera la nthawi ya masika, la mu Meyi, mvula itatha, utsi usanayambe, ndipo ndimalipeza ndi `clear blue sky, dry golden grass, soft morning light`. Pa ukwati namonso fumbi sililowa, ngakhale maukwati ambiri amachitika m'chilimwe momwemo.

Inu amene mukubwera kudzakonzetsa positala, musamangoti "ikhale yokongola". Ndiuzeni mwezi umene mukufuna kuti woona aumve, ndi kumene positalayo ikakhomedwe, kaya ndi ku Chinsapo, ku Mitundu kapena ku Thyolo. Mawu achingereziwo ndisiyireni ine.