Nambala ya pa chithunzi siyiika yokha sitenti

Ntchito yanga ndi yolowa m'mitsempha yodyetsa mtima. Ndimalowetsa kapaipi kowonda ngati chingwe kudzera mumtsempha wa pamkono, pafupi ndi pomangira wotchi, n'kukakankha mpaka pakhomo pa mitsempha ya mtima. Kenako ndimapopa mankhwala ooneka pa ekisileyi, ndipo kwa masekondi ochepa mitsempha imadetsedwa pa kanema. Chithunzi chimenechi ndicho anjiyogalamu. Wodwala amakhala ali maso, ndipo funso lake limakhala limodzi: "Adokotala, watsekeka bwanji?"

Peresenti imene timatchula ndi ya kukula kwa njira ya magazi pamalo opanikizika poyerekeza ndi pamalo abwino oyandikana nawo. Mtsempha wa mamilimita 3 ukachepa kufika pa 1.2, timati watsekeka ndi 60 peresenti. Koma zimene timaona ndi mthunzi chabe wa njirayo, khoma la mtsempha silioneka. Mafuta akaunjikana mbali imodzi, ukajambula kuchokera kumanzere uona 40, ukazungulira makina uona 70. N'chifukwa chake sindigamula ndi chithunzi chimodzi. Ndimayambanso ndapopa naitulogiliserini, chifukwa mtsempha wongokhwinyata kwa kanthawi umanamiza, umaoneka ngati wodwala. Ndipo ngati mtsempha wonse ndi wodwala, malo "abwino" oyerekezerawo nawonso ndi ochepa kale, motero nambala imatuluka yotsika kuposa mmene zililidi.

Mwachizolowezi, 70 kupita m'mwamba timati kutsekeka kwakukulu. Pa tsinde la mtsempha wakumanzere, lomwe limadyetsa gawo lalikulu la mtima, 50 ndi yokwanira kutidetsa nkhawa, ndipo pamenepo nthawi zambiri timakhala pansi ndi anzathu a opaleshoni kukambirana zolambalalitsa magazi ndi mtsempha wina. Pakati pa 40 ndi 70 ndiye pamene maso okha sathandiza.

Bambo wina wa zaka za m'ma 50 anabwera akudandaula kuti chifuwa chimamuthina akakwera chitunda, ngakhale ankamwa mankhwala mokhulupirika. Lipoti linasonyeza malo awiri: 60 peresenti kumayambiriro kwa LAD, mtsempha wotsika kutsogolo kwa mtima, ndi 75 pa kanthambi ka RCA, wa kumanja. Mkazi wake ataona mapepala analoza 75 nthawi yomweyo. Ndani sangatero?

Ndinadutsitsa kawaya koyeza mphamvu ya magazi kupyola pamalo opanikizikawo, n'kupereka adenosini kuti timitsempha ting'onoting'ono titseguke ngati munthu akuthamanga. Odwala ena amamva kubanika pang'ono, koma zimatha msanga. Muyeso wake, FFR, ndi mphamvu ya kuseri kwa chotchinga kugawa ndi ya kutsogolo kwake. Pa LAD kutsogolo kunali 90, kuseri 67, zomwe ndi 0.74. Pa kanthambi kaja kunali 90 ndi 77, zomwe ndi 0.86. Malire ndi 0.80: kufika pamenepo kapena kutsikirapo, mnofu wa mtima ukuperewedwa magazi.

Sitenti, kapaipi ka waya kotsegula mtsempha, ndinaika pa 60, pa 75 ndinasiya. Chifukwa chake n'chomwe amadziwa aliyense wothirira dimba: ngalande yochepa pang'ono imalephera ngati ikuthirira munda waukulu, pamene kangalande kothina kwambiri kamakwanira bedi limodzi la masamba. LAD imadyetsa khoma lakutsogolo la mtima, kanthambi kaja kamadyetsa kachigawo kochepa. Kutalika kwa malo opanikizika kumawerengedwanso. 60 wa mamilimita 30 amalemera kuposa 60 wa mamilimita 5.

Ndinawauza bambowo chilungamo: "Bambo, sitentiyi ndi yochotsa kuthina kwa chifuwa. Sindikukulonjezani kuti iwonjezera zaka." Kafukufuku wa COURAGE wa mu 2007, komanso wa ISCHEMIA patapita zaka zoposa khumi, anasonyeza kuti kwa odwala omwe matenda awo ndi okhazikika, kuyamba ndi sitenti sikunachepetse imfa poyerekeza ndi mankhwala abwino. Sitenti ilinso ndi ngongole yake. Wodwala amamwa asipulini pamodzi ndi mankhwala ena oletsa magazi kuundana, monga kolopidogerelo, kawirikawiri kwa miyezi 6, kapena 12 ngati mtima unagwidwa mwadzidzidzi. Akasiya msanga, magazi angaundane m'kati mwa sitentimo n'kutseka mtsempha wonse.

Zonsezi n'za wodwala wobwera akuyenda yekha. Wobwera usiku thukuta lili kamukamu, ECG ikusonyeza kuti mtsempha watsekeka kotheratu, sitimuyeza FFR. Timatsegula pompo, chifukwa mnofu ukufa mphindi iliyonse. Kawirikawiri malo amene aphulika usiku wotere sanali otsekeka kwambiri kale. Ambiri amakhala a 30 kapena 40, omwe palibe akanawaikira sitenti, ndipo chowateteza ndi mankhwala otsitsa mafuta m'magazi, kusamala BP ndi shuga, ndi kusiya fodya.