Usausiye msewu umenewo, mphwanga



Kuno ku Likoma tadzuka bwino, kungoti mwera wavuta ndipo usipa wasowa. 

Chandilembetsa ndi zomwe wandiuza mnyamata wina amene watsika Ilala sabata yatha. Akuti ku Mzuzuko, pamsewu wa pakati pa msika ndi depoti, unangoima n'kugwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu, ukunena kuti ukufa. Akuti kuchipatala anakuyeza malungo, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, osapeza kanthu. Zimenezo sizinandiopse kwambiri. Chomwe chandisowetsa tulo n'chakuti chiyambire tsikulo sudutsanso pamenepo, ndipo kumsika ukumatuma anzako iwe uli bindikiro m'nyumba.

Pali nkhani imene ngakhale amayi ako saidziwa bwino. Ndinali wamsinkhu wakowu. Nthawi imeneyo Ilala inkaima patali, anthu ndi katundu n'kumatutidwa pa maboti ang'onoang'ono, ndiye tsiku la sitima kamsewu ka ku Mbamba kankadzaza ndi matumba a usipa, a ufa, amayi a madengu, ana, aliyense akukuwa. Tsiku lina lotero, usiku wonse ndinali panyanja ndi chilimira. Sindinagone, ndipo m'mimba munali tiyi wakuda yekha. Ndili pakati pa chigulu, thumba lili paphewa, mtima unangoyamba kugunda mwamphamvu moti ndinkaumva m'makutu. Mpweya unkakanira pakhosi. Zala zinachita dzanzi, milomonso chimodzimodzi, ndipo anthu omwe ndinakula nawo ankaoneka ngati ali kutali, ngati si enieni. Ndinaponya thumba pansi. Mumtima ndinati basi, ndafa, kapena wina wandiponyera.

Pansi pa mlambe panali bambo wina wachikulire amene anagwirapo ntchito kuchipatala cha mishoni. Anandikhazika pamuzu, n'kuthamangitsa anthu omwe ankafuna kundithira madzi. Anagwira pamkono panga n'kufunsa ngati thupi linatentha usiku, ngati ululu ukutsikira kumkono kapena kunsagwada, ngati ndili ndi mphumu. Zonse ndinakana. Ndiye anati, "Mpweya sukukuchepera iwe, ukuchita kuuchulutsa. Tseka pakamwa."

Anaika dzanja langa pamimba panga. Anati ndikoke mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono iye akuwerenga mpaka 4, dzanjalo likwere, kenako ndiutulutse ngati ndikuuzira phala iye akuwerenga mpaka 6. Poyamba ndinkalephera, ndinkangomeza mpweya. Sanakalipe, ankangoyambiranso. Kenaka anandiuza kuti ndimutchulire zomwe ndikuona. Ndinatchula boti lobwera ndi malata, mayi wa chitenje chofiira, mapiri a ku Cobue kutsidya. Ndinapempha kuti andiperekeze kunyumba, anakana. Anati, "Ukhala pompano mpaka zithe, uone wekha kuti zimatha." Zinathadi. Boti lomwe ndinaliona likunyamuka kusitima lisanamalize kutsitsa katundu, mtima unali utabwerera m'malo, kutangotsala kufooka kwa mawondo. Anandigulira chitumbuwa, n'kundiuza kuti ndisenze thumba langa ndikalifikitse.

Zomwe zimachitika m'thupimo ndinadzazimvetsa pambuyo pake. Munthu akaona ng'ona, thupi limadzikonzekeretsa kuthawa: mtima umathamanga, mpweya umafulumira, thukuta limatuluka. Nthawi zina limachita zomwezo popanda choopsa chilichonse, makamaka ukakhala wosagona, wanjala, kapena wasenza nkhawa nthawi yaitali. Ukamapuma mofulumira, mpweya wina umene umayenera kutsalako m'magazi umatuluka wochuluka, ndipo n'chimene chimabweretsa dzanzi ndi chizungulire. Iwe ukamva dzanzilo umaopa, ukaopa umapumanso mofulumira. Kawirikawiri mantha oterewa amafika pachimake pasanathe mphindi 10, ndipo pomakwana theka la ola amakhala atazilala. Sapha munthu, ndipo si misala. Uli mwana wa kunyanja, ukudziwa kuti funde la mwera sulimbana nalo, umalozetsa mutu wa bwato komweko n'kulilola lidutse pansi pako.

Koma nkhani yanga sinathere pamlambe paja. Ngakhale ndinaona kuti zimatha, tsiku la sitima lotsatira ndinanamizira mutu. Posakhalitsa zinandigwira m'tchalitchi cha St Peter's ku Chipyela, pakati pa nyimbo, ndiye ndinayamba kukhala kukhomo, kenako kusapitako n'komwe. Chilumba chathu n'chaching'ono kale, koma ine ndinachichepetsa mpaka chinatsala khonde la agogo ako. Ukathawa malo, mtima umakhala pansi msanga, ndipo thupi limaphunzira kuti chakupulumutsa n'kuthawako. Mawa lake limafuna uthawenso, pamalo ena. Ichi ndicho ndikukuopera, mphwanga, osati kugunda kwa mtimako.

Anandibweza ndi agogo ako aamuna, ndipo sanachite kundinyengerera. Ankandituma ku Mbamba tsiku lopanda sitima kukagula machesi okha. Kenaka tsiku la sitima, koma m'mphepete mwa gulu. Kenaka m'kati, thumba paphewa. Mantha ankabwera ndithu, ine n'kutsamira khoma, kuwerenga, kudikira. Ulendo uliwonse ankabwera ofookerako.

Tsono tamvera. Kalata ino ikakupeza, mawa lake m'mawa, anthu asanachuluke, upite pamsewu womwewo. Udye kaye. Upite ndi mnzako ngati ukufuna, koma umuuze kuti ntchito yake si kukuthawitsa. Zikayamba usathamange, usakwere njinga yobwerera kunyumba. Ima pambali, tsamira, tulutsa mpweya motalika kuposa mmene waukokera, tchula zomwe ukuona, ndipo uchoke pokhapokha zitayamba kutsika. Mkuja upite masana. Sindikukupempha ayi, ndikukuuza monga atsibweni ako. Ndiponso zakumwa za m'zitini zoletsa tulo zija ndamva kuti umamwa powerenga usiku, usiye lero. Zimathamangitsa mtima, ndipo chamba n'chimodzimodzi. Wina akakuuza kuti kabotolo kamathandiza, dziwa kuti mowa umagonetsa mantha usiku n'kuwadzutsa m'mawa atakula.

Usandimve molakwa, sikuti chilichonse cha pachifuwa ndi mantha. Ukadzamva ululu wopanikiza umene ukufalikira kumkono kapena kunsagwada, ukakomoka, thupi likatentha, kapena kubanika kukamabwera ukakwera chitunda osati ukakhala pagulu, usawerenge manambala, thamangira kuchipatala. Ukapitanso kukayezetsa, uwafunse za kuchepa kwa magazi ndi za chithokomiro, chifukwa zimenezinso zimathamangitsa mtima. Ndipo zikamabwerezabwereza, kapena ukaona kuti msewu uja ukukukanikabe, uli ndi mwayi umene ine ndinalibe. Ku Mzuzu komweko kuli a St John of God amene ntchito yawo ndi yomweyi, ya maganizo. Kupitako si manyazi. Azakhali ako ayamba kale kunena za kwa sing'anga. Amenewo ndisiyire ine, ndiyankhula nawo.

Ndalankhula mokalipa, ndikudziwa. N'chifukwa chakuti sindikufuna kumva kuti wasiya sukulu n'kudzitsekera m'chipinda, mwana amene unkapalasa wekha bwato uli ndi zaka 12. Ukapita pamsewupo undiimbire madzulo ake, ngakhale zitavuta, undiuze unafika pati. Ndalama ya mayeso ija ndatumiza kudzera kwa mlamu wako, ndipo kathumba ka utaka kabwera pa Ilala ikubwerayi, ukakalandire ku Nkhata Bay. Agogo ako aakazi akupereka moni, mwendo uja wayamba kupola.

Ndine atsibweni ako.