Kampira Kachitsulo Kakamazizira

Chidule sindichikhulupirira chisanayesedwe. Tengani kampira kachitsulo kotentha, ka sentimita imodzi m'mimba mwake. Masamu a kuzizira kwake amaphweka tikangoti mkati ndi kunja n'kotentha mofanana. Koma n'zoona?

Amatiyankha ndi nambala ya Biot, Bi = hL/k. Imayerekeza mmene kutentha kumavutikira kuyenda mkati mwa chitsulo ndi mmene kumavutikira kuchoka pakhungu pake. Ikachepera 0.1, chidule n'chololedwa.

Pakampira kathu, L = r/3, pafupifupi mamita 0.0017, ndipo k ya chitsulo ndi 50. Mumpweya, h ikakhala 20, Bi ndi 0.0007: chidule chagwira. M'madzi owinduka, h ikafika 5000, Bi ndi 0.17: khungu lazizira, mkati mukadali moto. Kampira n'komweko, koma chidule chija tsopano chikutinamiza.